Konkire Amalimba ndi Madzi, Osati Dzuwa

Pa ntchito iliyonse yaikulu yomanga, kaya ndi mlatho, kaya nyumba yosanja, pamakhala munthu amene amatapako konkire wamuwisi n'kumutsindira m'tizikombole tachitsulo, kalikonse kotalika masentimita 15 mbali zonse. Kukacha, timiyala taumbidwamo amatichotsa. Munthu wongodutsa angayembekezere kuti atiyanika padzuwa kuti tiume bwino, koma ayi ndithu. Amatimiza m'thanki ya madzi, ndipo timakhala momwemo mpaka tsiku lokatiphwanya pa makina oyezera mphamvu, tina pakatha masiku 7, tina pakatha masiku 28. Umu ndi mmene amachitira akatswiri oyeza zipangizo zomangira kulikonse, ku Lilongwe, ku Lusaka ngakhale kutsidya kwa nyanja.

Manambala amene amalembedwa pa thumba la simenti, 32.5 kapena 42.5, amachokeranso m'madzi momwemo. Amanena mphamvu imene matope a simenti imeneyo ayenera kufika akakhala m'madzi masiku 28. Nambala ya 32.5 ikutanthauza kuti kamalo ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi kangasenze makilogalamu oposa 300 kasanaphwanyike. Fakitale, kaya ndi ya ku Kasungu, ya ku Mangochi, ya ku Blantyre kapena ya ku Chilanga m'dziko la Zambia, imalonjeza mphamvu imeneyi poganiza kuti simentiyo ipatsidwa madzi nthawi yonseyi. Silabu imene yathiridwa Loweruka n'kusiyidwa padzuwa la Okutobala mpaka Lolemba siili m'lonjezo limeneli.

Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, ndipo n'zomveka. Tinazolowera dothi. Chidina chimalimba chikauma, ndipo chikanyowa chimafewanso. Nyumba yozira imafuna mphepo. Njerwa zosawotcha zikagwidwa ndi mvula, mwini wake amagona osadya. Choncho mwini nyumba akaona konkire wayera mbee, wauma gwaa tsiku lachiwiri, mtima umakhala pansi, amati ntchito yayenda. Chonsecho kuyera msanga kumeneku ndi chizindikiro chakuti ntchito imene inkachitika mkati mwa konkireyo yaima panjira.

Zimene zimachitika m'kati

Simenti ndi mwala wa laimu ndi dongo zowotchedwa pamodzi mu ng'anjo yozungulira pa moto wofika madigiri pafupifupi 1,450. Moto umenewu umachotsa madzi ndi mpweya, n'kusiya timibulu tolimba totchedwa kilinka. Timibuluti amatipera pamodzi ndi jipisamu pang'ono, amene ntchito yake ndi kuletsa simenti kugwira nthawi yomweyo ikangokhudza madzi. Ufa wotuwa umene umatuluka ndi umene timagula m'matumba a makilogalamu 50. Dzina lakuti Portland linayamba mu 1824 ndi mmisiri wa ku Leeds, Joseph Aspdin, amene anaona kuti simenti yake ikalimba inkafanana ndi mwala womangira wa ku Portland, kum'mwera kwa England.

Ufa umenewu ukakumana ndi madzi, kunja kwa kanjere kalikonse kumayamba kusungunuka. Zosungunukazo sizikhalitsa m'madzimo. Zimagwirizana ndi madziwo n'kupanga chinthu chatsopano, cholimba, chimene akatswiri amachilemba mwachidule kuti C-S-H. Chinthu chimenechi chimamera kuchokera pa kanjere kalikonse ka simenti ngati timizu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timizu ta kanjere aka timakumana ndi ta kanjere ako, kulukanalukana monga imachitira mizu ya kapinga pansi pa nthaka, mpaka mchenga ndi miyala ya kwale zonse zitagwidwa m'kati. Madzi amene alowa m'timizuti sabwereranso. Asanduka mbali ya mwalawo. Thumba limodzi la simenti limamwa motere malita pafupifupi 12, ndipo limasunganso malita ena 8 kapena 9 m'timipata tochepetsetsa ta timizuto, kotero kuti pamafunika malita pafupifupi 20 kuti thumba lonse ligwire ntchito yake mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake konkire amalimba ngakhale pansi pa madzi. Zipilala za milatho ya pa Shire, damu la Kamuzu ku Liwonde, khoma la Kariba pa Zambezi, zonsezi zakhala zikunyowa zaka makumi ambiri osafewa. N'chifukwa chakenso konkire watsopano amafunda ukamugwira usiku woyamba: kugwirizana kwa simenti ndi madzi kumatulutsa kutentha. Pomanga damu la Hoover ku America m'zaka za m'ma 1930, kutenthaku kunali kochuluka moti anachita kuika mipope ya madzi ozizira m'kati mwa konkireyo.

Nkhani yagona pa nthawi. Maola awiri kapena atatu oyamba konkire amakhala wofewa, ndipo ndi pamene amisiri amamuthira, kumutsindira ndi kumusalaza. Kenako amagwira, ndipo kukacha munthu akhoza kupondapo. Koma kupondeka si kulimba. Mu simenti muli mitundu iwiri ikuluikulu ya tinjere topereka mphamvu. Mtundu wina umafulumira, ndipo ndi umene umagwira ntchito kwambiri sabata yoyamba. Winawo ndi wachidodo, umapereka mphamvu yake m'masabata ndi m'miyezi yotsatira. Konkire wosamalidwa bwino amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake ya pa masiku 28 pofika tsiku la 7, ndipo amapitiriza kulimba pang'onopang'ono kwa zaka ngati chinyezi chilipo.

Pali mfundo imodzi imene imamasulira zonse. Timizu tija timamera m'madzi mokha. Pakati pa tinjere ta simenti pamakhala timipata todzaza madzi, ndipo pamene timizu tikukula timadzaza timipatati, chifukwa chimene chimapangidwa simenti ikamwa madzi chimatenga malo oposa kawiri amene kanjere kouma kankatenga. Konkire amanka nathithikana, mabowo namacheperachepera. Tsono kampata kakauma, mulibenso mmene timizu tingamerere. Kanjere ka simenti kamangokhala pomwepo, kunja kokha kutagwira ntchito, m'kati mukadali ufa. Katswiri wina wa ku America, T. C. Powers, anasonyeza mu 1947 kuti chinyezi cha m'kati mwa konkire chikatsika kufika pa 80 peresenti, ntchitoyi imakhala ngati yaimiratu. Mayeso akale ndi atsopano omwe amasonyezanso kuti konkire wosiyidwa pa mphepo youma kuyambira tsiku loyamba amangofika pafupifupi theka la mphamvu ya mnzake wosungidwa pa chinyezi nthawi yonse. Simenti yofanana, mchenga wofanana, mtengo wa thumba wofanana, koma mwini wake walandira theka la zimene analipira.

Silabu ya mu Okutobala

Titenge nyumba ya zipinda zitatu imene ikumangidwa ku Salima kapena ku Balaka, silabu yake yotalika mamita 10, mulifupi mamita 8, kuchindikala masentimita 10. Pa kasakanizidwe kodziwika ka muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, silabu yotere imadya matumba pafupifupi 50. Amisiri akamathira malita 28 pa thumba lililonse, ndiye kuti m'silabu monse mwalowa malita 1,400, migolo 7 ya malita 200.

Wina angati, ngati thumba limafuna malita 20 okha ndipo lapatsidwa 28, madziwo si okwanira kale? Akanakwanira ndithu, akanakhala kuti akhala momwemo. Vuto ndi lakuti amathawa.

Konkire akangothiridwa, miyala ndi mchenga zimakhazikika pansi ndipo madzi ena amayandama pamwamba, n'kuchititsa silabu kunyezimira. Dzuwa ndi mphepo zimayamba kumwa madzi amenewa nthawi yomweyo. Pa tsiku lotentha, louma, lokhala ndi kamphepo, malo a mita imodzi mbali zonse amatha kutaya lita imodzi pa ola, ndipo akatswiri a konkire amati zikafika pamenepa ndiye kuti ngozi yayandikira. Pa silabu yathuyi ndiye kuti malita 80 pa ola, zigubu zinayi za malita 20. Kuchokera 11 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, malita mpaka 400 akhoza kupita kumwamba. Tsono madzi onse amene ali m'masentimita 3 apamwamba a silabuyi ndi malita 420. Madzi ena amakwera ndithu kuchokera pansi kudzalowa m'malo, ndipo kuthawaku kumachepa konkire akayamba kugwira, koma manambalawa akusonyeza kuti masana amodzi okha angathe kuumitsa khungu lonse la silabu. Ngati pansi pake sanayale pepala la pulasitiki ndipo dothi lotsindiralo linali louma, nalonso limakoka madzi chakunsi.

Zotsatira zoyamba zimaoneka tsiku lomwelo. Madzi a pamwamba akatha mofulumira kuposa mmene ena akukwerera, khungu la konkire limakwinyika pamene m'kati mukadali mofewa. Konkire wa maola atatu alibe mphamvu yolimbana ndi kukokedwa, choncho amang'ambika. Ming'alu yake imadziwika: yaifupi, yoyenda mondondozana chopingasa, yosafika m'mbali mwa silabu, nthawi zina yotsata pamene padutsa zitsulo. Mwini nyumba akaiona amathamangira kunena kuti simenti ndi yachinyengo kapena amisiri amubera matumba. Kawirikawiri wakuba ndi mphepo. Ndipo mphepo imaposa dzuwa pa ukambo umenewu, moti mwezi wa Julayi, mwera ukamawomba m'mbali mwa nyanja, silabu ikhoza kung'ambika anthu atavala majuzi.

Zotsatira zina zimabwera mochedwa, ndipo ndi zimene zimawawa. Kuuma msanga kumawononga kwambiri masentimita 3 mpaka 5 akunja, pomwe pakati pa chipilala chachikulu pamatha kukhalabe chinyezi. Koma kunja komweko ndi kumene kumakumana ndi mapazi, matayala, mvula ndi tsache. Pansi pa nyumba pamene pamatuluka fumbi tsiku lililonse ngakhale asese kangati, khonde limene layamba kuonetsa miyala pasanathe zaka ziwiri, masitepe onyenyeka m'mphepete, zambiri mwa izi zinayamba sabata yoyamba.

Pamene pali zitsulo, nkhani imakula. Chitsulo chokwiriridwa mu konkire wabwino sichichita dzimbiri chifukwa laimu wa mu simenti amachiteteza. Khungu la konkire lija, masentimita ochepa amene ali pakati pa chitsulo ndi mphepo ya kunja, ndi limene limalondera laimu ameneyu. Likakhala la mabowomabowo, mpweya wa kaboni umalowa n'kumufooketsa laimuyo, madzi a mvula nawo amalowa, ndipo chitsulo chimayamba dzimbiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha konkire mpaka atasweka. Timizere tofiirira pansi pa lintala, kapena chipilala cha pakhonde chimene chagumuka pakona n'kuonetsa waya, n'zimene zimatuluka patapita zaka, amisiri amene anathira konkireyo ataiwalika kalekale.

Madzi a m'kati si madzi a pamwamba

Mmisiri wina akamva kuti konkire amakonda madzi amaganiza zongowonjezera ndowa posakaniza, popeza konkire wamadzimadzi savuta kukoka ndi fosholo. Uku ndi kulakwitsa kwakukulu kuposa kusathirira. Mu 1918 Duff Abrams anasonyeza kuti mphamvu ya konkire imatsika pamene madzi osakanizira akuchuluka poyerekeza ndi simenti. Madzi owonjezerawo amatalikitsa tinjere ta simenti, timipata n'kukula, timizu n'kulephera kukumana. Powers uja anayezanso nthawi imene timizu timatenga kuti titseke tinjira ta madzi m'kati. Tikasandutsa manambala ake kukhala malita pa thumba, pa malita 20 tinjirati timatsekeka m'masiku 3, pa malita 25 pamatenga masabata awiri, ndipo pa malita 30 pamafunika miyezi 6 ya chinyezi, zimene palibe angazikwanitse pa nyumba wamba. Choncho posakaniza madzi akhale ochepa, ongokwanira kuti konkire atsindirike bwino, ndipo kuwolowa manja kuyambe konkire atagwira.

Kuthirira kwake

Njira zonse zothirira zili ndi cholinga chimodzi: pamwamba pa konkire pasaume ngakhale kamodzi, usana ndi usiku, kwa masiku osachepera 7. Simenti yambiri ya 32.5 imakhala yosakaniza ndi ufa wa mwala wa laimu kapena phulusa, ndipo imachedwerapo kulimba, moti masiku 10 mpaka 14 ndi abwino koposa. Masiku atatu oyamba ndi amene ali ndi phindu lalikulu, ndipo tsiku loyamba limaposa onse.

Pa tsiku lothira, nzeru ndi kuyamba m'bandakucha kapena chakumadzulo, kunyowetsa dothi ndi matabwa konkire asanafike, ndi kutchinga kumene kukuchokera mphepo ngakhale ndi mikeka kapena malata. Chigawo chimene chasalazidwa chiphimbidwe msanga ndi pepala la pulasitiki, osadikira kuti silabu yonse ithe. Madzi enieni amayamba konkire akagwira, pamene chala sichikusiyanso chidindo, kawirikawiri pakatha maola 4 mpaka 8 malinga ndi nyengo. Kuthira madzi ndi mphamvu asanagwire kumakokolola simenti ya pamwamba n'kusiya mchenga wokhawokha. Chizolowezi china choipa ndi chowaza simenti youma pa madzi oyandama aja kuti pansi pasalale msanga. Kachikhungu kamene kamapangika motere ndi kofooka, ndipo kamadzasupuka.

Pa silabu yafulati, njira yamphamvu kwambiri ndi kuumba kamzere ka matope kapena ka mchenga kuzungulira m'mphepete ndi kudzaza madzi kuti akhale ngati kadziwe. Kuipa kwake ndi kuchuluka kwa madzi. Silabu yathu ija, kuti madzi afike masentimita 3, ikufuna malita 2,400, migolo 12, ndiyeno kumawonjezera tsiku lililonse. Kumene madzi amachokera pa mjigo wa mtunda wautali, kapena pa mpope wolipira chigubuchigubu, palibe mwini nyumba amene angavomere zimenezi. Kumeneko pepala lakuda la pulasitiki, lomwe lija amayala pansi pa silabu, ndi limene limapulumutsa. Silabu inyowetsedwe bwinobwino kamodzi, pepala liyalidwe, mapepala akumane mopyolana, m'mphepete monse mutsinjiridwe ndi mchenga kapena njerwa kuti mphepo isalowe. M'mawa uliwonse wina atukule pakona. Akapeza timadontho kunsi kwa pepala ndipo konkire ali wakuda bii, zonse zili bwino. Akapeza payera, athire madzi n'kubwezera. Pepala lakuda limakoka kutentha, choncho ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene masana amapitirira madigiri 40, ndi bwino kuwazapo udzu kapena mchenga pamwamba pake. Pepala limene likuuluzika ndi mphepo silithandiza kanthu, limangosanduka njira yodutsira mphepoyo.

Mchenga wonyowa wochindikala masentimita 5 umagwiranso bwino ntchito, ziguduli nazonso, bola zizinyowetsedwa zisanaume. Chiguduli chouma chimayamba kuyamwa madzi a mu konkire momwemo. Pa zipilala ndi ring'ibimu, matabwa a m'mbali akasiyidwa masiku angapo amasunga chinyezi, ndipo madzi athiridwe pamutu kuti azitsetserekera m'kati. Matabwawo akachotsedwa, chipilala chikulungidwe ndi ziguduli zonyowa, pulasitiki pamwamba pake. Makampani a misewu ndi milatho amapopera mankhwala amene amapanga kachikhungu kotsekera madzi, koma pamalo pamene padzabwere pulasitala kapena matailosi mankhwalawa amalepheretsa kumata bwino.

Chimene chimachitika kwambiri m'makwalala mwathu ndi china. Mnyamata wolondera amauzidwa kuti azithirira m'mawa ndi madzulo. Amawaza zigubu ziwiri 6 koloko, pofika 8 koloko pauma, ndipo silabu imakhala padzuwa maola asanu ndi atatu otentha kwambiri. Madzulo amathira madzi ozizira pa konkire wotentha. Kunyowa ndi kuuma mosinthanasinthana, kutentha ndi kuzizira mwadzidzidzi, kumafufumitsa ndi kukwinyitsa khungu mpaka litadzala timing'alu tosaya tolukana. Kuthirira kotereku kumaposa kusathirira konse, koma madzi omwewo akanagwira ntchito yaikulu akanathiridwa pansi pa chophimba. Ndipo vuto lenileni kawirikawiri si ulesi wa mnyamatayo. Pa mgwirizano wa mwini nyumba ndi fomani, mtengo wa kuthira silabu umakambidwa, wa matumba umakambidwa, wa zakudya za aganyu umakambidwa, koma madzi a sabata yotsatira ndi munthu wowathira sizitchulidwa. Amisiri akalandira zawo amapita ku ntchito ina.

Madzi othirira akhale oti munthu angamwe, kapena oyandikira pamenepo. Mijigo ina ya m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere ndi mdani wa zitsulo za mu konkire. Kumadera ozizira monga Dedza ndi Mzuzu mu Juni ndi Julayi, madzi sathawa msanga kukakhala bata, koma simenti imagwira ntchito mwachidodo, moti masiku othirira ayenera kuwonjezeka. Nayo mvula ndi bwenzi la konkire amene wagwira kale, pomwe kwa wa ola limodzi ndi chiwonongeko. Mfundo inanso yosayenera kusokoneza: kutha kwa masiku othirira si chilolezo chochotsa mitengo yochirikiza silabu ya m'mwamba. Imeneyo imachoka injiniya akanena.

Mabuloko a m'mbali mwa msewu

Kuchokera mu 2018, pamene malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, mabuloko a simenti afalikira ponseponse. M'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu muli malo ambiri owumbira, mabuloko atandandalikidwa pamtetete. Buloko limavutika ndi ludzu kuposa silabu. Limaumbidwa ndi madzi ochepa kwambiri kuti lithe kuima lokha likangotuluka m'chikombole, makoma ake ndi opyapyala, ndipo mphepo imalifikira mbali zonse, m'mabowo momwe. Likasiyidwa padzuwa limatha kuumiratu tsiku limodzi simenti yake isanagwire n'komwe theka la ntchito.

Woumba wosamala amaphimba mabuloko ake akangoumbidwa, mawa lake n'kuyamba kuwathirira ali ophimbidwa kwa sabata yathunthu, kenako n'kuwasanja kuti akhwime asanawagulitse. Chomaliza chimenechi chilinso ndi chifukwa chake. Konkire akamauma pambuyo pa kuthirira amafupika pang'ono, ndipo ndi bwino kuti buloko lifupikire pa mulu kusiyana n'kuti lifupikire m'khoma n'kung'amba pulasitala. Koma woumba amene ali ndi oda yambiri ndi malo ochepa amafuna kuti mabuloko a Lolemba akwere lole Lachinayi.

Wogula ali nazo njira zodziwira. Buloko lokhwima bwino likagogodedwa ndi chitsulo limalira ngwee, pomwe losathiriridwa limangoti phuu. Kukanda ndi msomali pa labwino kumasiya kamzere koyera kosalowa, pa linalo kumakumba kangalande mchenga n'kumayoyoka. Makona amene akunyenyeka ndi chala, kapena mulu wa zidutswa pansi pa lole potsitsa, ndi umboni wokwanira. Mayeso amenewa sasiyanitsa buloko lomanidwa madzi ndi lomanidwa simenti, popeza matenda awiriwa amaoneka mofanana, koma kwa womanga nyumba yankho ndi limodzi: kukagula kwina. Ndi bwinonso kungofika pamalopo masana n'kuona ngati mabuloko adzulo ali ophimbidwa.

Mayeso omwewa amagwira pa silabu. Kuwonjezera apo, munthu akhoza kuthira kapu ya madzi pa konkire wa mwezi umodzi. Pa wosamalidwa bwino madziwo amakhala kanthawi ali pamwamba, pa winayo amalowa ngati athiridwa pa mchenga.

Nanga ngati masiku awiri kapena atatu adutsa kale silabu ili pamtunda? Kuyambiranso kuthirira kumathandiza ndithu, chifukwa tinjere ta simenti tosagwira ntchito tija tikadalipo, ndipo madzi akatifikira timayambiranso kumera. Silabu yotero inyowetsedwe pang'onopang'ono m'mawa kukadali kozizira, iphimbidwe, ndipo masiku 7 awerengedwe kuyambira pamenepo. Mphamvu ina ibwerera, ngakhale kuti siifika pamene ikanafika, popeza madzi savuta kutuluka mu konkire koma amavuta kulowanso paliponse pamene anachoka. Ming'alu imene yachitika kale siitsekeka ndi madzi. Ya pa silabu yapansi, ngati ndi yosaya, amisiri amaitseka ndi phala la simenti, koma mng'alu wa pa chipilala, pa bimu kapena pa silabu ya m'mwamba uyenera kuonedwa ndi injiniya njerwa ina isanasanjikidwe pamwamba pake.